Mutu wa Nthawi ya Mayeso: Mbali ya Tulo, Foni, Njala ndi Nkhawa

Okutobala akafika, dzuwa likuswa mtengo ndipo mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia, ali pafupi, madandaulo a mutu amachuluka m'makomo ndi m'masukulu a boding'i kuno kum'mawa. Makolo amaloza foni. Mwana amati ndi kuwerenga kwambiri. Aphunzitsi ena amati ndi mantha chabe, ndipo pachibale sipalephera kupezeka wina wonong'ona kuti alipo amene sakufuna kuti mwanayo akhoze. Akuluakulu ali mkati mokambirana, mwiniwake wagula kale panado pa kantemba ndipo wamwa awiri m'mimba muli gwa.

Chimene chimasokoneza n'chakuti aliyense amafuna chifukwa chimodzi, pamene nthawi zambiri zifukwa zimakhala zingapo zimene zagwa pamodzi. Ubongo wa munthu amene amadwaladwala mutu sukondwa ndi kusinthasintha. Umafuna kugona, kudzuka, kudya ndi kumwa pa nthawi zimene unazolowera, ndipo mayeso amasokoneza zonsezi m'mwezi umodzi.

Mitu iwiri imene imasokonezedwa

Madokotala ali ndi ndondomeko yogawira mitundu ya mutu, imene bungwe la akatswiri a matenda a mutu padziko lonse linatulutsa koyamba mu 1988 ndipo linatulutsa yachitatu, yokonzedwanso, mu 2018. Muli mitundu yambirimbiri, koma kwa mwana wa zaka 13 mpaka 19 amene alibe matenda ena, iwiri ndiyo imapezeka kawirikawiri.

Woyamba ndi mutu womanga. Umamveka mbali zonse ziwiri, pachipumi, m'litsipa kapena kunkhongo, ndipo umafinya, sugunda. Ululu wake ndi wapakatikati. Mwana amatha kuyenda, kutunga madzi kapena kukhala m'kalasi osawonjezereka, ndipo sasanza. Ungathe pakangopita theka la ola, koma ungakhalenso masiku angapo. Kale unkatchedwa mutu wa kukungika kwa minofu, poganiza kuti minofu ya m'khosi ndi m'mutu ikakungika ndiyo imabweretsa ululu. Atayeza minofuyo ndi makina anapeza kuti mwa odwala ambiri siikungika kuposa ya anthu ena, ngakhale imawawa ikakanikizidwa ndi chala. Masiku ano akatswiri amati vuto lalikulu lili pa mmene mitsempha imamvera ululu.

Wachiwiri ndi mutu waching'alang'ala. Uwu umagunda, ndi wamphamvu, ndipo umakula munthu akakwera chitunda, akawerama kapena akathamanga. Umabwera ndi nseru kapena kusanza, ndipo kuwala ndi phokoso zimakhala zosapiririka, n'chifukwa chake mwana amathawira kuchipinda n'kudzifunda kumaso. Kwa akuluakulu umatenga maola 4 mpaka 72 ndipo nthawi zambiri umagwira mbali imodzi. Kwa osakwana zaka 18 ungathe m'maola awiri okha ndipo kawirikawiri umagwira mbali zonse, zimene zimachititsa kuti makolo ngakhalenso azaumoyo ena asauzindikire. Ena, mutu usanayambe, amaona timizere tong'anima kapena mbali ina ya tsamba imazimirira kwa mphindi 5 mpaka 60, kenako maso amabwerera mwakale. Mutuwu umayenda m'magazi, choncho funsani ngati mayi, bambo kapena azakhali ake ali nawo. Ana asanathe msinkhu umagwira anyamata ndi atsikana pafupifupi mofanana, koma akatha msinkhu umachuluka mwa atsikana, ndipo ena umawabwera masiku awiri asanayambe kusamba kapena m'masiku oyambirira a msambo.

Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa mutu womanga umalola mwana kulemba mayeso movutikira, koma waching'alang'ala ungamulepheretse pepala lonse ngati sunagwidwe msanga.

Chifukwa chake chinthu chomwecho chimapweteketsa lero koma dzulo ayi

Aliyense ali ndi malire a zimene ubongo wake ungapirire mutu usanayambe. Malirewo ndi obadwa nawo, ena ali ndi apafupi, ena akutali. Taganizirani njinga zonyamula makala zimene zimalowa m'Chipata mbandakucha. Thumba limodzi njinga imayenda bwinobwino, awiri imayendabe, koma ikasenza lachinayi, kamwala kakang'ono kamaigwetsa, ndipo woona amati yagwa chifukwa cha kamwala. Kusagona ndi thumba, njala ndi thumba, ludzu ndi nkhawa ndi matumbanso. Foni imene mwana anagwira madzulo amene mutu unayamba ingakhale kamwala chabe.

Izi ndizo zimafotokoza chimene chimadabwitsa makolo, choti patchuthi mwana yemweyo amakhala pafoni tsiku lonse mutu osamupweteka. Zimatanthauzanso kuti sikofunika kuthetsa zonse nthawi imodzi. Mukachotsa ziwiri zolemera kwambiri, zotsalazo thupi limatha kuzipirira.

Tulo, ndi zakumwa zothamangitsa tulo

Bungwe la madokotala a za tulo ku America linanena mu 2016 kuti wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10 usiku uliwonse. Ophunzira ambiri a Giredi 12 akamva chiwerengerochi amaseka, koma ndi mmene thupi la msinkhu umenewu lilili.

Pali chinthu china chimene makolo ambiri amachitenga ngati ulesi. Kukada, ubongo umatulutsa timadzi totchedwa melatonini, timene timauza thupi kuti usiku wafika. Kuyambira m'ma 1990, kafukufuku wa Mary Carskadon ndi anzake ku America anasonyeza kuti mwana akamatha msinkhu timadziti timayamba kutuluka mochedwa, ndipo kuchedwako kungafike ola limodzi kapena awiri. Mwana amene ankagona 8 koloko ali ku pulayimale, akafika zaka 16 tulo sitimugwira mpaka cha m'ma 10 kapena 11 usiku, koma belu la kusukulu silisintha. Amakhala akuperewera tulo mayeso asanayandikire n'komwe. Ndiye akayamba kudzuka 3 kapena 4 koloko kuti awerenge, ena mpaka kuviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti asawodzere, amatsala ndi maola anayi kapena asanu.

Kusagona kumatsitsa malire a ululu. Munthu amene sanagone mokwanira amamva kupweteka ndi zinthu zimene tsiku lina sakanazimva, ndipo kwa wa mutu waching'alang'ala usiku umodzi wotere ndi wokwanira kuudzutsa. Chodabwitsa n'chakuti kugonereza nakonso kumaudzutsa. Mwana amene mkati mwa sabata amadzuka 4 koloko koma Loweruka n'kudzuka 10 koloko wasuntha wotchi ya thupi ndi maola 6, ndipo ambiri amadzuka Lowerukalo mutu ukugunda. Pa nkhani ya mutu, kusunga nthawi imodzi yodzukira n'kofunika pafupifupi ngati kuchuluka kwa maola.

Apa m'pamene pamalowa khofi, tiyi wowirira ndi zakumwa za m'zitini zopatsa mphamvu. Zonsezi zili ndi kafeini. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumaunjikana adenosini, amene amachititsa tulo. Kafeini samuchotsa, amangotseka malo amene adenosini amagwira, moti kutopa kulipo koma sikumveka. Thupi limachotsa theka la kafeini pakapita maola pafupifupi asanu. Chitini chachikulu cha theka la lita chimakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 150, pamene madokotala ambiri a ana amati wachinyamata asapitirire 100 patsiku. Akamwa chitinicho 8 koloko madzulo, 1 koloko usiku theka lake likadali m'magazi. Amagona ndithu chifukwa watopa, koma tulo take ndi tapamwamba.

Thupi likazolowera kafeini tsiku ndi tsiku, kumusiya mwadzidzidzi kumabweretsa mutu wakewake, umene umayamba pakapita maola 12 mpaka 24 ndipo umafika pachimake tsiku lachiwiri. Choncho kholo limene lalanda zitini zonse kutatsala masiku awiri kuti pepala la masamu lilembedwe lachita bwino pa nthawi yolakwika. Kuchepetsa kuyenera kuyamba kukadali milungu iwiri kapena kuposa, theka m'sabata yoyamba, kenako theka la thekalo, ndipo chakumwacho chizimwedwa m'mawa basi.

Pa funso loti kuwerenga usiku wonse kumapindulitsa, zimene zikudziwika n'zakuti ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira munthu ali m'tulo. Amene wadula tulo kuti awerenge masamba ena khumi amataya mbali ya zimene anawerenga kale. Ngati tulo tamugwira masana, kugona mphindi 20 mpaka 30 isanakwane 3 koloko kumathandiza. Kugona maola awiri madzulo kumangokankhira tulo ta usiku patsogolo.

Foni: maso, khosi ndi wotchi

Foni imabweretsa mutu m'njira zitatu zosiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso.

Njira yoyamba ndi maso. Poyang'ana chinthu chapafupi, kamnofu ka m'kati mwa diso kamakungika kuti zilembo zioneke bwino, ndipo maso onse awiri amakokedwera m'kati. Mapepala akale a mayeso amene ana amatumizirana pa WhatsApp amakhala ndi tizilembo tating'onoting'ono, ndiye foni imabwera pafupi ndi mphuno kuposa mmene buku limakhalira. Kuphethira nakonso kumachepa. Munthu amaphethira ka 15 kapena 20 pamphindi, koma akatengeka ndi sikirini chiwerengerocho chimatsika ndi theka kapena kuposa, maso n'kuuma, makamaka ndi fumbi ndi mphepo yotentha ya Okutobala. Mutu wotere umadziwika: m'mawa kulibe, umayamba atawerenga ola limodzi kapena awiri, umakhala pachipumi ndi kuzungulira maso, ndipo umachepa akapuma. Chothandiza ndi kuyang'ana chinthu chakutali mamita 6 kwa masekondi 20 pakatha mphindi 20 zilizonse, kukulitsa zilembo, ndi kusagwiritsa ntchito foni yowala m'chipinda cha mdima malaiti akapita. Ngati mutuwu ukubwerabe ngakhale powerenga buku, kapena mwana amatsinzinira diso limodzi, kapena mizere imamusakanikira, akayezetse maso. Pali ana amene amaona bolodi bwinobwino koma maso awo amagwira ntchito yaikulu kuti aone zapafupi, ndipo vutoli limabisala mpaka nthawi imene kuwerenga kwachuluka.

Njira yachiwiri ndi khosi. Kuwerama pafoni kapena pabuku lili pamiyendo, munthu atakhala pabedi kapena pampando wopanda tebulo, kumatopetsa minofu ya kunkhongo, ndipo ululu umakwera kuchokera m'khosi. Kuika buku kapena foni pamalo okwera ndi kuimirira pakatha mphindi 30 kapena 40 n'kokwanira kwa ambiri.

Njira yachitatu ndi yoba tulo. Anthu amakonda kunena za kuwala kwa buluu, ndipo n'zoona kuti kuwala kwa usiku kumachedwetsa melatonini. Koma kuwala kwa foni n'kochepa poyerekeza ndi kwa dzuwa, ndipo ofufuza ambiri tsopano amaona kuti chachikulu ndi nthawi imene foni imadya ndi mmene imagalamutsira maganizo. Mwana amalowa m'gulu la kalasi kukafunsa funso limodzi, n'kupeza anzake akukambirana mutu wa phunziro umene iye sanawerenge, mtima n'kuyamba kugunda. Za magalasi otchinga kuwala kwa buluu amene amagulitsidwa, akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku amene analipo mu 2023 sanapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso. Ndalama imeneyo ndi bwino ipite kokayezetsa maso.

Kadzutsa ndi madzi

Mutu wa njala ndi wodziwika kwa madokotala, ndipo uli m'ndondomeko ija ya 2018: umabwera munthu atakhala maola 8 kapena kuposa osadya, umakhala chapachipumi, sugunda kwenikweni, ndipo umatha akadya. Anthu osala kudya amaudziwa bwino, makamaka tsiku loyamba la kusala. Ambiri amati shuga watsika m'magazi, koma akayezedwa, shuga wa munthu wathanzi nthawi zambiri amapezeka ali bwino. Zikuoneka kuti ubongo wa ena umamva ngakhale kusintha kwakung'ono, ndipo njala imabwera pamodzi ndi ludzu komanso kusowa tiyi amene thupi linazolowera.

Werengani maola. Mwana wadya nsima 7 koloko madzulo, m'mawa wathamangira kusukulu osalawa kanthu, wabwerera kunyumba 2 koloko masana. Amenewo ndi maola 19. Ena sadya chifukwa m'nyumba mulibe, ena chifukwa mtima uli m'mwamba ndipo chakudya sichikulowa, ndipo atsikana ena amadzimana dala poopa kunenepa. Zifukwa zitatuzi sizithetsedwa mofanana, choncho kholo lifunse lisanakalipe.

Chofunika si chakudya chodula. Phala la mgaiwa lothira nshawa, kandolo wophika ndi nshawa zokazinga, dzira ndi buledi, kapena nsima yotsala ndi nyemba zimakhala m'mimba nthawi yaitali chifukwa zili ndi mafuta ndi zomanga thupi. Tiyi wa shuga wambiri ndi chitumbuwa chimodzi n'kwabwino kuposa kupita chimanjamanja, koma pofika 10 koloko zimakhala zatha. Amene m'mawa chakudya chimamukana ayambe ndi kapu ya thobwa kapena nthochi, n'kunyamula nshawa zodzadza dzanja kuti adye pa buleki. Ndipo tsiku la mayeso si loyesera chakudya chachilendo.

Madzi ndi nkhani yaifupi. Lita imodzi ndi theka mpaka awiri patsiku, ndi kuposerapo kumalo otentha ngati kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe. Ana ambiri amadzimana madzi dala poopa kutuluka mayeso ali mkati kapena ponyansidwa ndi zimbudzi za kusukulu. Mkodzo ndiwo umboni: woyererako ndiye kuti madzi akukwana, wachikasu kwambiri ndi wochepa ndiye kuti akuperewera.

Nkhawa, ndi mutu umene umabwera nkhawa itatha

Nkhawa si maganizo okha. Thupi likaona choopsa limatulutsa timadzi tofulumizitsa mtima, mapewa amakwera, nsagwada zimalumana, ena mpaka kukukuta mano kutulo n'kudzuka m'litsipa mukuwawa. Mayeso a Giredi 12 ndi choopsa chimene chimakhala miyezi, ndipo kwa mwana amene banja lonse likumuyang'anira, atagulitsa chimanga kapena mbuzi kuti aphunzire, n'cholemera kwambiri. Mutu wa nkhawa ndi weniweni, si wonamizira. Nkhawa ndiyonso imakoka zinazo, chifukwa ndiyo imaletsa tulo, imatseka m'mimba ndi kusunga foni m'manja.

Chimene ambiri sayembekezera ndi mutu wobwera zinthu zitapepuka. Kafukufuku wina waung'ono wa ku New York wa 2014 anapeza kuti mwa odwala mutu waching'alang'ala, nkhawa ikatsika mwadzidzidzi mutu umakonda kubwera m'maola otsatira. Ndiye mwana amene walemba pepala lovuta Lachisanu n'kugwa ndi mutu Loweruka si kuti akuthawa ntchito zapakhomo. Kuyenda wapansi kapena kusewera mpira mphindi 30 madzulo dzuwa litapepa, ndi kupuma pang'onopang'ono kwa mphindi zisanu asanagone, mpweya ukutuluka nthawi yaitali kuposa polowa, zimathandiza kuti nkhawa isaunjikane mpaka kumapeto kwa sabata. Ngati mwana wasiya kucheza, amalira pafupipafupi kapena akunena zoti moyo ulibe phindu, imeneyo si nkhani ya mutu, ndipo akaonane ndi azaumoyo mosachedwa.

Tiyerekeze ndi mwana mmodzi

Titenge mtsikana wa zaka 17 wa Giredi 12, wolemera makilogalamu 50, wokhala ku Kapata m'Chipata ndipo amayendera kusukulu. Kwatsala milungu 6 kuti mayeso ayambe. Amagona 12 koloko usiku chifukwa malaiti amabwera mochedwa ndipo ndi pamene amatchaja foni n'kuwerenga, ndiye amadzuka hafu pasiti 4. Madzulo amamwa chitini chopatsa mphamvu. Kadzutsa sadya. Mkati mwa sabata mutu wofinya umamuyamba cha m'ma 11 koloko, amamwa panado, masana umachepa. Loweruka amadzuka 10 koloko ndi mutu wogunda ndi nseru, ndipo amakhala m'chipinda mpaka madzulo. Izi zachitika kwa miyezi iwiri.

Mtsikanayu ali ndi mitu iwiri. Wa mkati mwa sabata ndi womanga, ndipo nthawi imene umayambira, maola 16 chidyereni, ikuloza njala pamwamba pa tulo ta maola anayi ndi theka. Wa Loweruka ukuoneka ngati waching'alang'ala, wodzutsidwa ndi kugonereza, kadzutsa wochedwa ndi kutsika kwa nkhawa. Foni ili m'nkhaniyi, koma ngati yochedwetsa kugona. Kumulanda foni osasintha china chilichonse kungangomuchotsera mapepala owerenga.

Choyamba kukonza ndi nthawi yodzuka: hafu pasiti 5 masiku onse, Loweruka ndi Lamlungu osapitirira hafu pasiti 6. Nthawi yogona isakokedwe kamodzin'kamodzi, chifukwa akalowa m'bulangete 9 koloko adzangogubuduka. Ibwerere mphindi 20 kapena 30 pakatha masiku awiri alionse mpaka ifike cha m'ma 10 koloko. Kuwerenga kovuta kusamukire masana ndi madzulo kukadali kowala, zimene zimathetsanso kudalira malaiti. Kadzutsa ayambe mawa lomwelo. Chitini chichepe pang'onopang'ono monga tanenera pa nkhani ya kafeini. Ndipo kumapeto kwa kope alembe mzere umodzi tsiku lililonse: anagona nthawi yanji, anadzuka nthawi yanji, anadya m'mawa kapena ayi, mutu unayamba liti, unali waukulu bwanji pa 1 mpaka 10, anamwa mapiritsi angati, ndi tsiku la msambo.

Pakatha milungu itatu kopelo limayankha. Ngati mutu wa 11 koloko watha koma wa Loweruka ulipo, waching'alang'ala ukufunika ndondomeko yakeyake ndi a dokotala. Ngati mitu yoopsa ikugwera masiku a msambo, ayang'ane ndandanda ya mayeso n'kukonzekeratu. Ngati palibe chasintha, apite kukiliniki ndi kopelo m'manja, kumene angamuyeze maso, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa magazi, popeza atsikana otaya magazi ambiri posamba amakhala ndi magazi ochepa, amene amabweretsa mutu ndi kutopa.

Mapiritsi amene amasanduka chifukwa cha mutu

Mtsikana uja akumwa panado masiku oposa 20 pamwezi, ndipo akuyandikira vuto lina. Munthu wodwaladwala mutu akamamwa mankhwala opha ululu pafupipafupi, mitsempha imayamba kumva ululu mosavuta, mutu umabwerera piritsi likangotha mphamvu, iye n'kumwanso. Malire ake madokotala anawaika: panado, brufeni kapena asipulini masiku 15 kapena kuposa pamwezi kwa miyezi yoposa itatu, kapena masiku 10 okha ngati ndi mapiritsi osakaniza, monga okhala ndi kafeini kapena kodini. Chowerengedwa ndi masiku, osati mapiritsi. Vutoli si lachilendo kuno. Kafukufuku wa khomo ndi khomo wa akuluakulu m'Zambia amene anatuluka mu 2015 anapeza kuti pafupifupi 7 mwa anthu 100 alionse ankaoneka kuti ali ndi mutu wamtunduwu.

Lamulo losavuta ndi kusapitirira masiku awiri pasabata, koma tsiku limene akumwa amwe mlingo wokwanira ndiponso msanga. Panado ndi mamiligalamu 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, choncho wa makilogalamu 50 ndi 750, piritsi limodzi ndi theka la mamiligalamu 500. Asapitirire 1000 nthawi imodzi, pakati pakhale maola 4 mpaka 6, ndipo asamwe koposa kanayi pa maola 24, chifukwa wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete. Mankhwala ambiri a chimfine ali ndi panado yemweyo m'kati, pa paketi amalembedwa kuti paracetamol. Pa mutu waching'alang'ala brufeni amagwira bwino mwa achinyamata, mamiligalamu 10 pa kilogalamu osapitirira 400, atadya kanthu, ndiponso mutu ukangoyamba, chifukwa ukakhwima m'mimba simugayanso bwino. Si wa munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso, woyembekezera, kapena amene mphumu imamuyamba akamwa. Asipulini asapatsidwe kwa mwana wosakwana zaka 16.

Amene wagwa kale m'vutoli amachira posiya mapiritsi, koma mutu umayamba wakula kaye kwa masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata. Kutatsala milungu 6 nthawi ilipo. Mkati mwa sabata ya mayeso si nthawi yake, ndipo ndi bwino kukambirana ndi azaumoyo.

Mutu umene si wa mayeso

Kuno kum'mawa, mutu wobwera ndi kutentha thupi, kuzizidwa kapena kuphwanya m'thupi ndi malungo mpaka magazi atanena kuti ayi, ndipo kuyezetsa pachala kumatenga mphindi 15 kapena 20. Panado amatsitsa kutentha n'kubisa matendawo. Kutentha thupi pamodzi ndi kuuma khosi, kusokonezeka kapena kugona kosadzutsika ndi kothamangira nako kuchipatala nthawi yomweyo, makamaka ku boding'i kumene ana amagona mothithikana. N'chimodzimodzinso mutu woyamba mwadzidzidzi n'kufika pachimake m'mphindi imodzi, wobwera atagwa kapena kumenyedwa m'mutu, wodzutsa mwana usiku kapena m'mawa ndi kusanza n'kumakulirakulira sabata ndi sabata, kapena wokhala ndi kuona zinthu ziwiriziwiri, kufooka mbali imodzi ndi kulankhula movutikira. Mutu ndi kukomoka kwa khunyu zikabwera pamodzi, madokotala a kuno amaganiziranso za mphutsi za njoka za m'mimba zofalikira kudzera mu nkhumba, zimene zimatha kukhala mu ubongo ndipo zapezeka kwambiri m'maboma a Katete ndi Petauke. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, ana angapo owerengera m'chipinda chotseka muli mbaula akamva mutu ndi chizungulire onse pamodzi, umenewo ndi mpweya wa makala, umene ulibe fungo koma umapha. Atuluke panja nthawi yomweyo.

Zimene akatswiri sanagwirizanebe

Funso lalikulu ndi loti chimayamba n'chiti. Zikudziwika tsopano kuti mutu waching'alang'ala umayamba mu ubongo maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu, ululu usanamveke, ndipo pa nthawi imeneyo munthu amayasamula, khosi limauma, kuwala kumamuvuta, chilakolako cha chakudya chimasintha. Ndiye mwana akanena kuti foni inamupweteketsa mutu, n'kutheka kuti sikirini inamuthobwa m'maso chifukwa mutu unali utayamba kale. Kafukufuku wambiri wosonyeza kuti achinyamata okhala pafoni nthawi yaitali amadwala mutu kwambiri ndi wongofunsa mafunso nthawi imodzi, ndipo sangasiyanitse foni ndi kusagona, kukhala malo amodzi ndi nkhawa zimene zimayenda nayo. Za kadzutsa zilinso chimodzimodzi, popeza mwana wosadya m'mawa nthawi zambiri ndi yemweyo wogona mochedwa.

Palinso mkangano woti kupewa chilichonse chodzutsa mutu n'kwanzeru kapena ayi. Ofufuza ena amati kuthawa kuwala, phokoso ndi chilichonse chopanikiza kumachititsa munthu kuzimva kwambiri, ndipo ndi bwino kuzolowera zina pang'onopang'ono. Ena amati kupewa ndiko kumateteza.

Mankhwala omwa tsiku ndi tsiku oteteza mutu waching'alang'ala nawonso ali ndi funso. Mu 2017 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ku America wa ana a zaka 8 mpaka 17, woyerekeza mankhwala awiri odziwika ndi piritsi lopanda mankhwala. Onse atatu anagwira mofanana, ndipo mwa ana omwa piritsi lopanda kanthu, pafupifupi 6 mwa 10 alionse masiku awo a mutu anatsika ndi theka kapena kuposa. Akatswiri akukambiranabe chimene chinawachiritsa: chiyembekezo, kuonedwa pafupipafupi ndi azaumoyo, malangizo a tulo ndi chakudya amene onse analandira, kapena kungoti mutu wa achinyamata umakwera n'kutsika pawokha.